Kugawana chuma cha masiye pachibale: zimene pepala la pabanja lingathe ndi zimene silingathe

M'makomboni a mu Lilongwe, chuma chimene munthu amasiya nthawi zambiri chimakhala poloti. Ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 23, bambo kapena mayi akatisiya, pamatsala nyumba yaikulu kutsogolo, tinyumba ta lendi kuseri, mpope umodzi wa madzi ndi mita ya magetsi yomwe ili m'dzina la malemu. Ana amakhala anayi kapena asanu, wina ali ku Joni, wina akadali pasukulu. Palibe amene amafuna kukasumirana ndi m'bale wake. Aliyense anamvapo za mabanja amene anathera zaka m'makhoti nyumba ikugumuka, ndipo ngakhale chuma cha malemu Bingu wa Mutharika, amene anamwalira mu Epulo 2012, sichinagawike popanda kukokanakokana pamaso pa oweruza. N'chifukwa chake mabanja ambiri amasankha kukhala pansi n'kugwirizana okha.

Lamulo silikaniza zimenezi. Anthu akuluakulu amene ali ndi gawo pa chuma akhoza kumvana mmene achigawanire, ndipo wina akhoza kusiyira mnzake gawo lake ngati wafuna yekha. Koma mgwirizano wa pabanja uli ndi malire awiri amene anthu amawazindikira mochedwa. Sungalande gawo la munthu amene lamulo limamuteteza, ndipo pawokha sungasinthe dzina pa chikalata cha malo kapena kutulutsa ndalama kubanki. Banja limene ladziwa malire awiriwa lisanayale mphasa ya msonkhano limagawana kamodzi basi.

Oyenera kukhala pamsonkhano ndi ndani?

Funso loyamba ndi lakuti kodi malemu anasiya wilo. Wilo yovomerezeka imakhala yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Ngati ilipo, msonkhano wa banja ndi wongomva zimene ikunena ndi kuthandiza amene anasankhidwa kuti aiyendetse. Ngati palibe, monga zimakhalira m'mabanja ambiri, chimene chimalamula ndi Lamulo la Chuma cha Masiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967.

Kusiyana kwa malamulo awiriwa ndi kumene kumayambitsa phokoso pamisonkhano yambiri, chifukwa akuluakulu ena akukumbukirabe lakale. Pa lamulo la 1967, mwamuna wa ukwati wa chikamwini akamwalira wopanda wilo, magawo atatu mwa asanu ankapita kwa olowa chuma mwachikhalidwe, ndipo mkazi, ana ndi ena odalira malemu ankatsala ndi awiri. M'maboma a ukwati wa lobola ankagawana pakati. Choncho atsibweni akamanena kuti "kwathu chuma cha malume chimapita kwa adzukulu", sakupeka. Akunena zimene zinalipodi, koma zinatha. Lamulo la 2011 linachotsa kulowa chuma mwachikhalidwe. Gawo 17 la lamuloli limati eni chuma ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake, ndi anthu amene ankamudalira. Abale ake a malemu, achimwene ndi achemwali ake, amalowapo pokhapokha ngati palibe mkazi, mwana, wodalira kapena mdzukulu wobadwa mwa ana ake.

Mwana ndi mwana aliyense wa malemu, posayang'ana kuti anabadwa bwanji. Wobadwa kwa mayi wina, woleredwa mwalamulo, ngakhale amene akadali m'mimba, onse ali m'gulu limodzi ndi ana a m'nyumba. Malamulo aakulu a dziko a 1994 nawo amanena m'gawo 23 kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo. Ndikudziwa kuti pamenepa ndi powawa. Mtsikana amene anaonekera koyamba pa siwa, atakhala kumapeto kwa khonde ndi mayi ake, ana a m'nyumba samufuna pamsonkhano. Komatu kumusiya kunja n'kumanga pamchenga, chifukwa iye sanasaine kanthu ndipo pepala lanu silimukhudza. Akhoza kudzatulukira poloti itagulitsidwa kale, ndipo khoti lidzamumvera. Ngati pali chikaiko chenicheni choti ndi mwana wa malemu, chikaikocho chithetsedwe poyamba, ndi chikalata cha kubadwa, umboni wa ankhoswe kapena wa abale amene ankadziwa kuti malemu ankamulipirira fizi.

Odalira malemu si aliyense amene ankadya pakhomopo. Lamulo limatchula makolo a malemu amene iye ankawasamala mpaka pomwalira, ndi mwana wamng'ono amene malemu ankamuphunzitsa ndipo sangadziimire payekha. Agogo a kumudzi amene ankalandira thumba la feteleza ndi ndalama ya sopo mwezi ndi mwezi ali m'gululi. Msuweni wa zaka 30 amene ankagona pabalaza akufunafuna ganyu ku Kanengo sali m'gululi.

Kholo limodzi likakhala lili moyo, ana asathamangire kunena kuti akugawana. Katundu wa m'nyumba, mipando, mabedi, ziwiya ndi zofunda, lamulo limamusiyira mkazi kapena mwamuna wotsalayo. Chimene mayi anagula kapena kumanga ndi ndalama zawo si chuma cha masiye, ndi chawo. Pa zotsalazo mayi ali ndi gawo pamodzi ndi ana, ndipo kukwatiwanso sikuwachotsera gawolo, kupatula malo a kumudzi a m'manja mwa mafumu, amene amapita kwa ana mayi akakwatiwanso.

Nanga atsibweni, azakhali, ankhoswe ndi amfumu? Aitanidwe. Ndi amene amaziziritsa mitima, amakumbukira zimene malemu ankanena, ndipo ndi mboni zabwino. Mwinimbumba akhoza kutsogolera zokambirana. Koma mpando wapatsogolo si gawo la chuma, ndipo "kachikumbutso" kamene amapempha pomaliza, kaya ndi njinga kaya suti ya malemu, ndi mphatso yochokera kwa eni chuma onse, osati ngongole. Gawo 84 la lamulo la 2011 limati kutenga, kulanda kapena kugulitsa chuma cha masiye usali woyenera ndi mlandu umene ungafikitse munthu kundende zaka khumi, ndipo khoti limalamulanso kuti katunduyo kapena mtengo wake ubwezedwe.

Za nthawi, ine ndimaona kuti tsiku losesa si tsiku logawa. Anthu sanagone masiku atatu, a kumudzi akufulumira kukakwera minibasi, ndipo amene amalankhula mokweza ndiye amapambana. Tsikulo banja lingochita zinthu zitatu: kulemba katundu yense amene alipo, kusankha anthu awiri osunga makiyi ndi mapepala, ndi kupangana tsiku la msonkhano weniweni, pakapita milungu ingapo.

Chitsanzo cha poloti ya ku Kawale

Tiyerekeze banja ili, ndipo ziwerengero zake n'zongoyerekeza kuti masamu aoneke. Bambo wina wa ku Kawale, amene akazi awo anamwalira kale, wamwalira wopanda wilo. Wasiya ana asanu. Wachisamba ndi mwamuna, ali ndi banja lake ku Area 25. Wachiwiri ndi mkazi, amakhala papolotipo, ndiye ankadwazika bambo, ndipo anamanga ndi ndalama zake ziwiri mwa nyumba zinayi za lendi. Wachitatu ali ku Joni. Wachinayi ndi mtsikana wobadwa kwa mayi wina. Mzime ali ndi zaka 16, ali Fomu 3. Amayi awo a malemu ali moyo ku Mitundu, ndipo ankadalira mwana wawoyo.

Katundu ndi uyu. Poloti ya ku Kawale ndi nyumba zake zonse ndi ya K30,000,000. Poloti ina ku Chinsapo, yokhala ndi nyumba yosafolera, ndi ya K8,000,000. Kubanki kuli K3,000,000, ndipo njinga yamoto imene mnyamata wina amayendetsa kabaza ndi ya K2,000,000. Zonse pamodzi ndi K43,000,000. Mitengo yotere isachokere m'mutu mwa amene akufuna kutenga nyumbayo, chifukwa iye adzaitsitsa, kapena mwa amene akufuna ndalama, chifukwa iye adzaikweza. Funsani katswiri wowerengera mitengo ya malo ndi nyumba. Ndalama yake imawawa, koma lipoti lake lidzafunikanso pokawerengera msonkho wa chuma cha masiye.

Malemu analinso ndi penshoni, koma penshoniyo sili pamndandandawu. Malinga ndi malamulo a penshoni, ndalama zimene zimatuluka munthu akamwalira sizilowa mu chuma cha masiye. Oyendetsa thumba la penshoni amazipereka potsata mayina amene malemu analemba pafomu kuntchito. Ngati analemba mzime ndi agogo okha, msonkhano wa banja ulibe mphamvu yolamula kuti ndalamazo zithiridwe mumphika wa onse. Chimodzimodzi nyumba ya lendi ya Malawi Housing Corporation: malemu ankangokhalamo, si yawo, ndiye siigawidwa.

Chisanagawidwe chilichonse, ngongole zichoke. Kukhonsolo kuli ngongole ya msonkho wa malo ya K400,000. Kwa wogulitsa simenti ndi malata kuli K600,000, ndipo kope lake likuonetsa saini ya malemu. Wachisamba anatulutsa K500,000 m'thumba mwake kugula bokosi ndi kulipira galimoto, pamwamba pa ndalama ya chipepeso. Zonsezi ndi K1,500,000, ndipo patsala K41,500,000. Msonkho wa chuma cha masiye ndi zolipira za mapepala sindinaziike m'masamuwa, koma nazonso zimachoka pamenepa, anthu asanalandire magawo awo. Banja limene lagawana ndalama zonse za kubanki lisanalipire zimenezi limadzasowa pogwira, chifukwa kusonkhetsa abale ndalama imene anadya kale ndi ntchito yosatheka.

Apa ndiye pamabwera funso lakuti: tigawe mofanana? Lamulo limati pakakhala palibe zifukwa zapadera, magawo akhale ofanana. Koma limatchula zifukwazo. Choyamba pa zonse, banja ndi odalira malemu atetezedwe kuti asagwe m'mavuto. Kenako pamayang'anidwa zimene malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika, thandizo la sukulu ndi zina zimene mwana analandira kale bambo ali moyo, ndi zimene mwana anaikapo pokweza mtengo wa katunduyo. Limatinso mwana wamng'ono alandire gawo lokulirapo kuposa wamkulu, pokhapokha ngati ubwino wa anawo ukufuna zina. Anthu ambiri amadabwa akamva zimenezi, chifukwa mwambo unatizoloweza kuti wamkulu ndiye amatenga nyumba. Nzeru ya lamuloli ndi yosavuta kuimva: wachisamba bambo anamuphunzitsa mpaka kukoleji, pamene mzime sanalembe n'komwe mayeso a Fomu 4.

Banja lathuli likhoza kumvana chonchi. Mchemwali amene anamanga nyumba ziwiri aonetse malisiti, kapena mmisiri amene anamanga achitire umboni, ndipo K3,000,000 iwerengedwe kuti ndi yake. Mzime apatulidwire K2,500,000 ya sukulu pamwamba pa gawo lake. Agogo apatulidwire K1,000,000. Zikachoka zimenezi pa K41,500,000, patsala K35,000,000, ndiye kuti mwana aliyense mwa asanuwo ali ndi K7,000,000.

Papepala zatheka. Vuto ndi lakuti ndalama zenizeni zilipo zochepa, zambiri ndi njerwa. Ndalama ya kubanki ndi ya njinga ikagulitsidwa zikwana K5,000,000, ndipo zonsezo zithera ku ngongole, sukulu ya mzime ndi agogo. Magawo a K7,000,000 aja ali m'mapoloti awiri. Njira imodzi ndi yakuti mtsikana wa kwa mayi wina atenge poloti ya ku Chinsapo yonse. Kunena zoona, iye ndi abale akewo sanakulire limodzi, ndipo kuwamangirira pa poloti imodzi n'kuwaputira mkangano. Popeza poloti ya ku Chinsapo ndi ya K8,000,000, iye abweze K1,000,000 kwa anzake anayi, aliyense K250,000, pa miyezi imene agwirizane. Anayiwo atsale ndi poloti ya ku Kawale. Ikachoka K3,000,000 ya mchemwali uja, yatsala K27,000,000, aliyense K6,750,000, ndipo ndi K250,000 ija akwana K7,000,000.

Mabanja ambiri amaimira pomwepa. Amalemba kuti "nyumba ya ku Kawale ikhala ya banja", onse n'kuwomba m'manja, osadziwa kuti chiganizo chimenechi ndicho chidzawayambanitse pakatha zaka zitatu. Nyumba ya banja amagonamo ndani, ndipo amalipira kapena ayi? Lendi amatolera ndani, amasunga kuti, amagawa liti? Denga likadontha, chimbudzi chikadzadza, bilu ya Lilongwe Water Board ikakwera, ndalama ichokera pati? Wa ku Joni akabwera n'kunena kuti akufuna ndalama yake, amugula ndani, pamtengo wanji? Chibale ndi fupa sichiwola, inde, koma lendi ya miyezi khumi yosaoneka komwe inapita imatha kuchititsa abale kusalonjerana pamaliro.

Choncho mgwirizano uyankhe mafunso amenewa m'mawu osazungulira. Mwachitsanzo, ulembe kuti mchemwali ndi mzime akhale m'nyumba yaikulu osalipira mpaka mzime atamaliza sukulu, kenako nkhaniyo idzaunikidwenso. Lendi ya nyumba ziwiri zimene mchemwali anamanga ndi yake. Lendi ya ziwiri zinazo izilowa mu akaunti imene amasainira anthu awiri, ndipo pachoke kaye msonkho wa khonsolo ndi zokonzera, zotsala zigawidwe kumapeto kwa chaka, kope la ndalama lili poyera. Wofuna kutuluka ayambe wauza abale ake molemba, ndipo awapatse miyezi isanu ndi umodzi yoti amugule pamtengo umene katswiri awerengere panthawiyo.

Pali funso linanso limene anthu safuna kulitchula pamsonkhano wa maliro: mmodzi wa anayiwo akadzamwalira, gawo lake lidzapita kuti? Pa malo olembedwa m'kaundula wa boma, lamulo la 1967 la kalembera wa malo limalola anthu angapo kukhala eni malo m'njira ziwiri. Pa njira yoyamba, onse ndi eni a chinthu chimodzi chosagawika, ndipo wina akamwalira, malo amatsala kwa amoyo okha, ana ake osapezapo kanthu. Pa njira yachiwiri, aliyense ali ndi gawo lake lodziwika, ndipo akamwalira gawolo limakhala chuma chake cha masiye, lopita kwa mkazi ndi ana ake. Abale ambiri akafotokozeredwa amasankha yachiwiri. Muuzeni loya kapena wa ku ofesi ya malo njira imene mukufuna, ndipo muone ndi maso anu kuti ndi imene yalembedwa.

Kulemba ndi kusaina

Pepala la mgwirizano lilembedwe m'chilankhulo chimene onse akumva, ndipo Chichewa n'chokwanira. Likhale ndi dzina la malemu ndi tsiku lomwalira, mayina a eni chuma onse ndi manambala a ziphaso zawo za unzika, katundu yense ndi mitengo yake, ngongole, ndi chimene aliyense watenga. Poloti itchulidwe ndi nambala yake monga ilili pa mapepala a khonsolo kapena pa lizi, osati "nyumba ya kuseri kwa tchalitchi". Liwerengedwe mokweza onse akumva, aliyense asaine kapena kudinda chala patsamba lililonse, mboni zisaine, ndipo aliyense apite ndi kope lake. Kukalumbirira pamaso pa loya kapena majisitireti kumalipatsa mphamvu yowonjezera ngati wina adzakane saini yake.

Wa ku Joni asamusainire munthu. Kuvomera pa foni kapena kutumiza chala chokweza pa gulu la WhatsApp si saini. Mutumizireni pepalalo asaine komweko pamaso pa wolumbiritsa, kapena alembe chikalata chopatsa munthu wina mphamvu yomuimira. Mzime, pokhala sanakwane zaka 18, sangavomere kutaya kanthu, ndipo womulera sangamutayire. Gawo lake limangosungidwa. Ndalama ya sukulu ija ikhale mu akaunti yakeyake, osati m'bizinesi ya mlamu amene walonjeza kuti aichulukitsa. Munthu amene akusiyira abale gawo lake, monga mmene ana aakazi okwatiwa amachitira kawirikawiri pochita manyazi ndi akuluakulu, alembe kuti akudziwa kukula kwa gawolo m'makwacha ndipo akulisiya mwa kufuna kwake. Saini yofinyidwa ndi mantha, kapena yopezedwa pobisa katundu wina, khoti likhoza kuikana.

Pamene pepala la banja limathera

Tsopano banja lamvana, palibe akusumira mnzake. Wachisamba atenga pepala lija, lodindidwa bwino ndi amfumu, n'kupita nalo kubanki. Kumeneko amubweza, ndipo abanki sakulakwa. Iwo sadziwa ngati pali mwana wina amene sanasaine. Amafuna chikalata cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, ndi kalata ya khoti yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Ku ofesi ya malo nakonso, dzina la pa lizi silichoka kwa malemu kupita kwa ana mwachindunji. Limayamba lapita kwa woyendetsa chuma amene khoti lamuvomereza, ndipo iye ndiye amalisamutsira kwa eni ake.

Kutenga kalata imeneyi si mlandu. Palibe wodandaula, palibe woyankha. Ndi pempho lolembedwa, lopita ku bwalo lalikulu la milandu, ku nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye, ndipo ku Lilongwe bwaloli lilipo. Pemphelo limapita ndi malumbiro, mndandanda wa chuma ndi chikalata choonetsa kuti za msonkho wa chuma cha masiye zakonzedwa. Mgwirizano wa banja umathandiza kwambiri pamenepa, chifukwa umaonetsa kuti onse avomereza amene akupemphayo. Sankhani anthu awiri, makamaka pakakhala mwana wamng'ono, ndipo ngati pali ana a mimba ziwiri, mbali iliyonse ikhale ndi wake. Woyendetsa chuma si mwini chuma. Ndi wantchito wa onse, ndipo ayenera kuonetsa mmene ndalama iliyonse yayendera. Dzina lake likalowa pa lizi m'malo mwa la malemu, abale asagone mpaka litasamutsidwira kwa eni ake, chifukwa mapoloti ambiri amagulitsidwa mwakabisira panthawi imeneyi.

Lamulo lili ndi njira yaifupi ya chuma chochepa, chimene mu 2011 linati ndi chosapitirira K1,000,000. Chotere bwalo la majisitireti likhoza kuchiona, ndipo ndalama za kubanki kapena za kuntchito zimadzera ku ofesi ya bwanamkubwa. Koma poloti ya ku Kawale masiku ano inadutsa malire amenewa kalekale. Banja limene lilibe ndalama ya loya likhoza kupita ku Legal Aid Bureau, kapena kupempha ofesi ya Administrator General kuti iyendetse chumacho. Ofesi imeneyi imadulapo ndalama ya ntchito yake, ndipo mukapereka chuma m'manja mwake muyembekeze kuyenda pa liwiro la ofesi ya boma.

Chimene mudzafunsidwe posintha dzina chimadalira mtundu wa malo, ndipo mu Lilongwe mapoloti oyandikana amatha kukhala ndi mapepala osiyana. Madera ngati Kawale, Biwi ndi mbali zina za Area 25 anakhazikitsidwa ngati malo amene boma linkadula mapoloti, munthu n'kudzimangira nyumba mmene angathere. Kale ankayang'aniridwa ndi Malawi Housing Corporation, ndipo mu 1992 anaperekedwa m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Ndiye mupeza kuti poloti ina ili ndi lizi, ina ili m'kaundula wa khonsolo mokha, ina ikadali m'dzina la munthu amene anagulitsa kwa agogo anu zaka 40 zapitazo. Musanakhale pamsonkhano, wina apite kukhonsolo ndi nambala ya poloti akafunse dzina limene lili m'kaundula ndi ngongole imene ilipo. Ngati dzinalo ndi la agogo, ndiye kuti eni chuma si inu nokha, abale a bambo anu nawo ali ndi gawo ngati ana a agogowo, ndipo masamu onse aja ayambirenso.

Ku Chinsapo ndi ku Mgona nkhani ndi ina. Malo ambiri kumeneko anthu anawapeza kudzera kwa mafumu kapena pogulana, ndipo umboni wake ndi kapepala ka malonda kodindidwa ndi amfumu. Apa pepala la banja limalemera kwambiri, chifukwa nthawi zina palibenso kaundula wina. Mtsikana amene watenga poloti ya ku Chinsapo alandire kapepala koyambirira ka malonda, kope la mgwirizano, ndipo apite ndi abale ake kwa amfumu a deralo kuti akalembe m'buku mwawo, oyandikana nawo malire alipo. Amfumu pamenepa ndi mboni ya zimene eni chuma agwirizana, sasankha wolowa. Ndipo mtsikanayo adziwe kuti chidindo cha amfumu si lizi. Ichi n'chifukwa china chimene mtengo wa poloti yotere suyenera kuwerengedwa ngati wa poloti ya mapepala okwanira.

Mmodzi akakana kusaina, mgwirizano palibe, ngakhale anayi avomere. Kuchuluka kwa manja sikuchotsa gawo la munthu. Zikatero musagulitse kanthu, musathamangitse alendi, musasinthe maloko. Itanani munthu amene mbali zonse zimamulemekeza, kaya abusa, shehe kapena mlangizi wa zamalamulo, ndipo mufunse wokanayo chimene chikumuvuta, chifukwa nthawi zambiri amakhala akukaikira mtengo kapena akuganiza kuti katundu wina wabisidwa, ndipo zimenezi zimatha ndi lipoti la katswiri ndi sitetimenti ya kubanki. Wina akayamba kutuluka ndi katundu usiku kapena kuopseza mayi wamasiye, nkhaniyo ndi ya ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, monga ya ku Kawale kapena ku Kanengo. Zikakanika zonsezi, aliyense mwa eni chuma ali ndi ufulu wopempha khoti kuti ligawe potsata gawo 17, ndipo mndandanda wa katundu, mitengo ndi ngongole zimene munalemba ndi zimene woweruza adzayambire.